Kalembedwe ka Imelo Yopepesa Maliro ndi Yoyamikira m'Chifalansa

Imelo yopepesa maliro kapena yoyamikira munthu wogwira naye ntchito m'Chifalansa imakhala yaifupi, mizere inayi kapena isanu basi. Komabe m'mizere yochepayo muli malo atatu amene amaulula kuti wolemba ndi wolandira ali pa ubale wotani: mawu otsegulira, mlowam'malo amene wolemba wasankha pakati pa "tu" ndi "vous", ndiponso mawu otsekera amene amabwera dzina lisanalembedwe. Malo atatuwa ayenera kugwirizana. Imelo yoyamba ndi ulemu waukulu koma n'kutha ndi mawu a pachinzake imaoneka ngati munthu wovala jekete ndi tayi koma kumapazi ali ndi patapata, ndipo wolankhula Chifalansa amaona zimenezi asanafike n'komwe pa uthenga weniweniwo.

Nkhaniyi imakhudza anthu ambiri a m'chigawo chino cha Afirika amene amagwira ntchito m'mabungwe a mayiko. Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo zantchito za bungwe la SADC komanso la COMESA, limene likulu lake lili ku Lusaka, choncho munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amatha kumalemberana tsiku ndi tsiku ndi anzake a ku Kinshasa, Antananarivo, Jeneva kapena Parisi. Pa nkhani za ntchito amatha kudutsa ndi Chifalansa chosweka, anzakewo n'kumva. Koma tsiku limene mmodzi waferedwa kapena wakwezedwa pa udindo, chimene chimawerengedwa kwambiri si uthengawo ayi, chifukwa aliyense akuudziwa kale, koma mmene waperekedwera.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: chochitikacho sichisintha mtunda umene ulipo pakati pa anthu awiriwo. Maliro kapena chikondwerero zimawonjezera kutentha kwa mawu, koma sizichititsa bwana kukhala mnzako wapamtima, ndiponso sizichititsa mnzako wapamtima kukhala mlendo. Zina zonse zimachokera pamenepa.

"Tu" ndi "vous"

Wolankhula Chichewa amayamba ali patsogolo, chifukwa akudziwa kale kusiyana kwa "iwe" ndi "inu". Mofanana ndi "inu", mawu akuti "vous" amagwira ntchito ziwiri: kulankhula kwa anthu ambiri ndiponso kulemekeza munthu mmodzi. Koma malire ake sadutsa pamalo amodzi. M'Chichewa mwana amati "inu" kwa makolo ake, ndipo m'mabanja ambiri mkazi ndi mwamuna amaitanana "inu" moyo wawo wonse. Ku Falansa mwana amati "tu" kwa mayi ake ndi agogo ake, ndipo m'mapemphero a masiku ano ngakhale Mulungu amatchulidwa "tu". Ndiye kuti "tu" sasonyeza kuti winayo ndi wamng'ono ayi, amasonyeza kuti ndi wapafupi. Nayenso "vous" nthawi zambiri amasonyeza mtunda waulemu osati msinkhu. Bwana wa zaka 60 amatha kunena "vous" kwa mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito, ndipo mtsikanayo amabweza "vous" yemweyo.

Njira yodziwira choyenera si kuganizira zaka kapena udindo, koma kutsegula maimelo akale. Ngati mnzakeyo amalemba "tu peux" kapena "merci à toi", awiriwo ali pa "tu". Ngati amalemba "pouvez-vous" kapena "je vous remercie", ali pa "vous", ngakhale atakhala kuti agwira ntchito limodzi zaka khumi. Pali njira yapakati imene ndi yofala m'maofesi ndipo imasokoneza alendo: kuitana munthu ndi dzina lake loyamba koma n'kumagwiritsabe ntchito "vous". Dzina loyamba palokha si chilolezo chosamukira ku "tu". Kusamukako kumachita kupemphedwa, kawirikawiri ndi wamkulu pa msinkhu kapena pa udindo, ndi funso lakuti "On peut se tutoyer ?", kutanthauza kuti kodi tingayambe kuitanana "tu"? Ngati awiriwo akhala akulemberana m'Chingerezi chokha, mmene mulibe kusiyana kumeneku, ndiye kuti poyambira ndi pa "vous".

Pa maliro anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Wina chifundo chikamugwira amatsikira ku "tu" kwa munthu amene sanamutchulepo choncho, poganiza kuti akuonetsa chikondi. Woferedwayo amamva ngati munthu walowa kuchipinda osagogoda pa nthawi imene iye alibe mphamvu zomubweza. Winanso, poona kuti imfa ndi nkhani yolemera, amakwerera ku "vous" kwa mnzake amene amadya naye nkhomaliro tsiku lililonse. Kulakwitsa kwachiwiriku kumapweteka kuposa koyamba, chifukwa m'Chifalansa kubwerera ku "vous" anthu atazolowerana pa "tu" ndi chizindikiro chakuti pali mkangano kapena kuti ubwenzi wazizira.

Mlowam'maloyu amakoka mawu ena onse. Ndi "tu" pamabwera "te", "toi", "ton", "ta" ndi "tes". Ndi "vous" pamabwera "votre" ndi "vos". Munthu amene watenga chiganizo china apa china apo amapezeka kuti wayamba ndi "je pense à toi" n'kumaliza ndi "votre famille". Choncho asanatumize ayenera kuwerenga imeloyo kamodzi akungoyang'ana timawu timeneti.

Mawu otsegulira

Pamwamba penipeni pa ulemu pali "Madame," kapena "Monsieur," popanda dzina, kapena pamodzi ndi udindo: "Madame la Directrice,", "Monsieur le Directeur,". Mwa mwambo wa makalata a Chifalansa, dzina la bambo siliikidwa pamenepa, ngakhale m'maimelo a masiku ano anthu ambiri amaliika. Potsika pang'ono pali "Chère Madame," ndi "Cher Monsieur,", amene ali ndi ulemu komanso kutentha, ndipo ndi oyenera kwambiri popepesa munthu wamkulu amene wolemba amamudziwa ndithu. "Cher collègue," kapena "Chère collègue," amakonda kugwiritsidwa ntchito m'mayunivesite ndi m'mabungwe akuluakulu. Kenako pali "Cher" kapena "Chère" wotsatiridwa ndi dzina loyamba, amene amayenda ndi "vous" komanso ndi "tu". "Bonjour" ndi moni wa maimelo a tsiku ndi tsiku. Poyamikira ali bwino, koma popepesa maliro amamveka ngati poyambira nkhani ya malipoti. "Salut" ndi wa anzake okhaokha.

Mawu akuti "Mademoiselle" ndi oyenera kuwapewa. Boma la Falansa linawachotsa pa mafomu ake mu 2012, ndipo kuntchito mayi aliyense wamkulu ndi "Madame", kaya ali pabanja kaya ayi.

Apa pali msampha umene Chichewa sichikonzekeretsa munthu, chifukwa m'Chichewa mawu sasintha potengera kuti munthu ndi wamwamuna kapena wamkazi. "Cher" ndi wa mwamuna wolandira, "Chère" ndi wa mkazi wolandira. Koma mawu ofotokoza mmene wolemba akumvera amatengera wolembayo: mwamuna amalemba "je suis désolé", mkazi amalemba "je suis désolée". Ndipo "ton" ndi "ta" satengera wolemba kapena wolandira, amatengera dzina lotsatira: "ton père", "ta mère". Makina omasulira sadziwa kuti wolemba ndi ndani, choncho kawirikawiri amangoika mawu a mwamuna.

Chitsanzo: mayi wina bambo ake amwalira

Tiyerekeze kuti mayi wina, mkulu wa nthambi ya zachuma pa likulu la bungwe ku Jeneva, bambo ake amwalira, ndipo uthenga wafika ku ofesi ya ku Lilongwe kudzera pa imelo ya onse. Anthu atatu akufuna kupepesa, aliyense ali pa ubale wake ndi mayiyo.

Woyamba ndi wowerengera ndalama amene amatumiza malipoti kwa mayiyo miyezi itatu iliyonse koma sanakumanepo naye maso ndi maso. Iye akhoza kulemba motere:

Madame la Directrice,
C'est avec une grande tristesse que j'ai appris le décès de votre père. Je vous présente, ainsi qu'à votre famille, mes sincères condoléances.
Je vous prie de croire, Madame la Directrice, à ma profonde sympathie.

Tanthauzo lake ndi lakuti wamva ndi chisoni chachikulu za imfa ya bambo awo, akupereka chipepeso kwa iwo ndi banja lawo, ndipo akuwapempha kuti akhulupirire kuti akumva nawo chisoni. Mawu otsegulira abwerezedwa ndendende mkati mwa chiganizo chotsekera, pakati pa mipatuliro iwiri. Umenewu ndi mwambo wa kalata yaulemu. Palibe chilichonse chonena za malemuwo, chifukwa wolembayo sanawadziwe, ndipo kunamizira kuwadziwa kungaoneke msanga. Ziganizo zitatuzi ndi zokwanira. Kwa munthu wa pa mtunda wotere, kufupikitsa ndi mbali ya ulemu.

Wachiwiri ndi mkulu wa ofesi ya ku Lilongwe, amene amalankhula ndi mayiyo sabata iliyonse, amamuitana ndi dzina loyamba koma ali naye pa "vous". Atalemba "Chère" ndi dzina loyambalo, akhoza kupitiriza motere:

Je viens d'apprendre le décès de votre père et je tenais à vous dire que je pense bien à vous. Toutes mes condoléances à vous et à vos proches. Ne vous inquiétez pas pour les dossiers en cours, nous nous en occupons.
Bien sincèrement,

Apa wolemba akuti wangomva kumene za imfayo, akumuganizira kwambiri, akupepesa iye ndi achibale ake, ndipo asade nkhawa ndi ntchito zimene zili pakati chifukwa ena azisamalira. Chiganizo chomalizachi ndi njira yokhayo imene ntchito ingatchulidwire mu imelo yachipepeso: kumutula katundu woferedwayo, osati kumukumbutsa. Mawu akuti "vos proches", anthu ake apafupi, ndi othandiza pamene wolemba sakudziwa ngati mayiyo ali ndi mwamuna, ana kapena abale obadwa nawo.

Wachitatu ndi mayi mnzake amene anagwira naye ntchito mu ofesi imodzi zaka zingapo ndipo ali naye pa "tu":

J'ai appris pour ton papa. Je suis de tout cœur avec toi. Prends le temps qu'il te faut, on s'occupe du reste.
Avec toute mon amitié,

Wamva za adadi ake, ali naye limodzi ndi mtima wonse, atenge nthawi imene akufuna, zina zonse anzake aziona. Mawu akuti "condoléances" palibepo, ndipo sakusowekanso. Pakati pa mabwenzi mawuwa amamveka ouma pang'ono, ngati otengedwa pa khadi logula m'sitolo. "Papa" m'malo mwa "père" ndi "on" m'malo mwa "nous" ndi zizindikiro za kuyandikana. Ngati wolembayo anawaonapo malemuwo, chiganizo chimodzi chokumbukira zenizeni, monga tsiku limene anawalandira kunyumba kwawo, chimaposa mawu onse okonzedwa kale. Akazi awiri ogwirizana kwambiri amatha kutseka ndi "Je t'embrasse", mawu osonyeza kupsompsonana patsaya monga amachitira abale ndi mabwenzi. Koma kwa munthu amene sapatsana naye moni wotere akakumana, "amitié" ndiye wosaika pa chiswe.

Maimelo atatuwa akunena chinthu chimodzi. Chimene chasintha ndi kutalika kwa ziganizo, mawu otchulira malemu ndi mawu otsekera, ndipo atasinthanitsidwa onse atatu angakhale olakwika.

Mawu a imfa ndi zolakwika zofala

Chifalansa cholembedwa chimazemba mawu akuti "mort", monga mmene Chichewa chimanenera kuti munthu watisiya kapena wamwalira m'malo moti wafa. Mawu apakatikati ndi "décès". "Disparition", amene kwenikweni ndi kuzimiririka, ndi ofewa koposa ndipo amakonda kupezeka m'makalata aulemu. Mwambo wa maliro umatchedwa "obsèques" pa zolembedwa, pamene "enterrement" ndi wa m'kulankhula wamba.

Cholakwika chimene chimachitika kwambiri ndi kumasulira mwachindunji mawu a Chingerezi opepesera, n'kulemba "désolé pour votre perte". Munthu amamva chimene akutanthauza, koma ku Falansa chiganizochi chimamveka chobwereka, ngati cha m'mafilimu omasuliridwa. "Bonne chance" ndi kufunira munthu mwayi ngati akupita kukalemba mayeso, choncho sakuyenera n'komwe. "Bon courage", kumulimbitsa mtima, amamveka pakati pa anzake koma payekha ndi wopepuka, chifukwa ndi mawu omwewo amene anthu amauzana Lolemba m'mawa ntchito ikachuluka. "Cordialement", amene amatseka maimelo ambiri a mu ofesi, pa chipepeso amamveka ozizira. "Bien sincèrement" kapena "Avec toute ma sympathie" ndiwo amalowa m'malo mwake. "Bonne journée", kufunira munthu tsiku labwino, ndi woipa kuposa onsewa, ndipo kawirikawiri amalowa mosadziwa chifukwa ali kale m'siginecha imene kompyuta imadziikira yokha. Ndi bwino kuifufuta siginecha yonseyo, pamodzi ndi chizindikiro cha bungwe ndi mawu ake otsatsa, n'kusiya dzina lokha.

Pa mutu wa imelo, pamene palembedwa "Objet", pakwanira "Sincères condoléances", kapena "Pensées" kwa mnzake wapafupi. Uthengawo upite kwa woferedwa yekha mu imelo yatsopano. Kudina "Répondre à tous" pa uthenga wolengeza maliro kumachititsa chipepeso kukhala chionetsero pamaso pa ofesi yonse. Za nthawi, tsiku lomwelo kapena mawa lake ndiye bwino. Ku Falansa lamulo la ntchito limapereka masiku atatu okha a tchuthi kwa munthu amene bambo kapena mayi ake amwalira, pokhapokha ngati mgwirizano wa pa kampaniyo wawonjezera, choncho wozengereza sabata yathunthu amapeza mnzakeyo atabwerera kale pa desiki. Mwa mwambo wakale, chipepeso chenicheni ndi kalata kapena khadi lolembedwa pamanja. Imelo ndi yovomerezeka kwa anthu otalikirana, koma bwana wapamwamba polembera wantchito wake amachita bwino kutsatiza ndi khadi.

Mulungu, ndalama ndi dera limene munthu amachokera

Chifalansa chimalankhulidwa m'mayiko ambiri, ndipo miyambo ya maliro siyendera chilankhulo. Apa ndi pamene wolankhula Chichewa ayenera kusamala kwambiri, chifukwa kwa iye kupepesa maliro osatchula Mulungu kumaoneka ngati kuperewera. Ku Falansa lamulo la 1905 linalekanitsa boma ndi mipingo, ndipo kuyambira pamenepo chipembedzo chakhala chikuonedwa ngati nkhani ya munthu payekha, yosabwera nayo kuntchito. Anthu ambiri kumeneko sapemphera. Kulembera Mfalansa kuti chinali chifuniro cha Mulungu, kapena kumutumizira vesi la m'Baibulo, kungamudabwitse kapena kumukhumudwitsa kumene. Wolemba amene akufuna kunena zoona zake akhoza kulemba "mes pensées vous accompagnent", kuti maganizo ake ali nawo limodzi. "Mes prières", mapemphero anga, asungidwire munthu amene wolemba akudziwa kuti ndi wokhulupirira, mwina chifukwa uthenga wa maliro watchula misa kapena mwambo wa kutchalitchi.

Kwa mnzake wa ku Kinshasa, Lubumbashi, Yaunde kapena Abijani zinthu zimatembenuka. Kumeneko mawu ngati "Que son âme repose en paix", mzimu wake uuse mumtendere, kapena "Que Dieu vous console", Mulungu akutonthozeni, ndi a masiku onse, ndipo chipepeso cha mizere iwiri chopanda mawu otere chikhoza kumveka chouma. "Que la terre lui soit légère", dothi limupepukire, amamveka kwambiri kumadzulo ndi pakati pa Afirika, kwa Akhristu ndi Asilamu omwe. Ku Senegalo ndi ku Mali, kumene ambiri ndi Asilamu, kutchula Mulungu ndi koyenera, koma mawu a Chikhristu chokha ndi osafunika. Ku Abijani kuli mawu akuti "Yako", ochokera m'zilankhulo za komweko, amene amagwira ntchito ngati "pepani" wa m'Chichewa. Mlendo awagwiritse ntchito kwa mnzake womuzolowera yekha. M'mayikowa maudindo amalemekezedwanso kwambiri kuposa ku Parisi, choncho kulemba udindo wonse wa munthu pa mawu otsegulira si kuwonjeza ayi.

Ku Kebeki, chigawo cha Kanada cholankhula Chifalansa, anthu amafika msanga pa "tu" kuntchito, ndipo popepesa ambiri amati "Mes sympathies", mawu amene ku Falansa sanenedwa motero. "Mes condoléances" amamveka kulikonse, ndiye wosatsimikiza angotenga amenewa.

Nkhani ya ndalama imatsata malire omwewo. Ku Kinshasa, monganso ku Malawi ndi ku Zambia, kusonkha chipepeso pa ofesi ndi chinthu choyembekezeka, ndipo kufunsa mmene munthu angaperekere gawo lake ndi ulemu. Ku Falansa kupereka ndalama m'manja mwa woferedwa si mwambo. Ofesi imasonkha kuti igule nkhata ya maluwa, ndipo funso la zoperekazo limapita kwa amene akusonkhetsa, osati mu imelo yachipepeso. Uthenga wolengeza maliro, umene umatchedwa "faire-part", uyenera kuwerengedwa bwino. Mawu akuti "ni fleurs ni couronnes" akutanthauza kuti banja silikufuna maluwa kapena nkhata, ndipo nthawi zina limatchula bungwe lachifundo limene anthu angaperekeko m'malo mwake. "Dans la plus stricte intimité" akutanthauza kuti maliro aikidwa ndi achibale okhaokha. Kwa munthu wochokera kumene mudzi wonse umagona pa siwa, mawuwa ndi ovuta kuwamvetsa, koma amatanthauza zimene akunenazo, ndipo kufunsa malo ndi nthawi ndi kukakamiza banjalo kuti likane.

Kuyamikira

Poyamikira munthu ali ndi ufulu wokulirapo, chifukwa wolandirayo ali wokondwa ndipo salabadira tolakwika ting'onoting'ono. Koma malo atatu aja amagwirabe ntchito. Kwa bwana amene wasankhidwa pa udindo watsopano, chiganizo chaulemu ndi ichi: "Je vous adresse mes plus vives félicitations pour votre nomination et vous souhaite plein succès dans vos nouvelles fonctions." Wolemba akupereka mayamiko ochokera pansi pa mtima chifukwa cha kusankhidwako, ndipo akuwafunira chipambano pa udindo watsopanowo. Kwa mnzake wa pa "tu" pakwanira "Bravo pour ta promotion, c'est amplement mérité !", kumuuza kuti wachita bwino ndipo kukwezedwako ndi komuyenera. "Félicitations" amalembedwa mochulukitsa, ndi "s" kumapeto, ndipo amatsatiridwa ndi "pour". "Bravo" ali ndi kafungo ka munthu amene akuweruza ntchito ya mnzake, choncho kuchokera kwa wamng'ono kupita kwa bwana wamkulu amamveka ngati kumusisita pamutu.

Polembera munthu amene wakwezedwa, kuchulukitsa matamando kumaoneka ngati kudzikonzera malo, makamaka ngati munthuyo akubwera kudzakhala bwana wa wolembayo. Chiganizo chimodzi choyamikira, china chofunira zabwino, basi; pempho lililonse lidikire imelo ina. Ndipo mnzake wa pa "tu" akakwezedwa sasanduka wa pa "vous" tsiku lomwelo. Dzina la udindo litsate munthuyo: mayi ndi "directrice" kapena "présidente". Bungwe losamalira chilankhulochi ku Parisi, Académie française, linavomereza maina achikazi a maudindo mu 2019, pamene ku Kebeki anali atawazolowera kale kwa zaka zambiri.

Mawu amodzi oopsa ndi "excité". Wozolowera Chingerezi amafuna kunena kuti wakondwa kwambiri n'kulemba "je suis excité", koma ku Falansa mawuwa kawirikawiri amamveka ngati chilakolako cha kugonana. Oyenera ndi "ravi" kwa mwamuna ndi "ravie" kwa mkazi, kapena "très heureux" ndi "très heureuse".

Pa ukwati, "Tous mes vœux de bonheur", mafuno onse a chimwemwe, amayenera aliyense. Ku Falansa anthu ambiri amakhala limodzi osakwatirana kapena amamanga mgwirizano wa kuboma wotchedwa PACS, umene unayamba mu 1999, choncho wolemba asathamangire kunena "votre mari" kapena "votre femme" asanamve mawu amene mwiniwake amagwiritsa ntchito. Pa kubadwa kwa mwana, "Félicitations aux heureux parents" ndi "Bienvenue à" wotsatiridwa ndi dzina la khandalo ndi okwanira. Wopuma pantchito amafuniridwa "une excellente retraite". Chizindikiro cha mfuwu chimodzi chimaloledwa pa imelo ya pachinzake, ndipo m'kalembedwe ka ku Falansa chimasiyidwira mpata patsogolo pake, monganso chizindikiro cha funso. Timizere ta pamwamba pa zilembo, monga mu "décès" ndi "félicitations", ndi mbali ya kalembedwe ka mawuwo. Kutisiya pa uthenga wa pa foni kumakhululukidwa, koma pa kalata yaulemu kumaoneka ngati kulemba mothamanga.

Mawu otsekera ndi zimene yankho limaulula

Mawu otsekera ali ndi makwerero ake. Pamwamba pali ziganizo zazitali monga "Veuillez agréer, Madame, mes salutations distinguées", zoyenera akuluakulu a boma ndi anthu osawadziwa. Pakati pali "Bien cordialement" ndi "Bien à vous", amene ndi ofala ku Beljiyamu, pamene ku Siwizalandi amakonda "Meilleures salutations". Pansi pali "Amicalement" ndi "Amitiés" a anthu ogwirizana, kenako "Bises" wa mabwenzi enieni. Mwambo wakale umati mwamuna asatumize "sentiments" kwa mkazi, kuopa kuti mawuwo angamveke ngati achikondi. Achinyamata ambiri salabadiranso zimenezi, koma "salutations" amachotsa nkhawa yonseyo.

Ngati wolemba akukayika pakati pa makwerero awiri oyandikana, akwere limodzi. Ulemu wopitirira pang'ono umakonzeka mosavuta, chifukwa wolandirayo amangoyankha momasuka; kuzolowera kopitirira kumavuta kukubweza. Izi zikukhudza makwerero oyandikana okha, osati kuchoka pa "tu" wokhazikika kupita pa "vous".

Yankho ndilo limasonyeza ngati muyeso unali wabwino. Munthu amene walemberedwa "tu" ndi dzina loyamba akayankha ndi "Bonjour Monsieur" ndi "Cordialement", ndiye kuti akubwezeretsa mtunda mwaulemu, ndipo imelo yotsatira ibwerere pa "vous" popanda kupepesa kapena kufotokoza. Amene walemberedwa "Madame la Directrice" akasaina ndi dzina loyamba lokha, ndiye kuti watsegula khomo la "Chère" ndi dzinalo, koma osati la "tu". Zizindikirozi ndi zodalirika pa mayankho a mauthenga oyamikira. Pa maliro sizidalirika kwenikweni: woferedwa amatha kuyankha ndi "Merci" yekha, kutumiza uthenga umodzi wothokoza onse patapita masabata angapo, kapena osayankha n'komwe, ndipo wopepesa sayenera kulembanso kufunsa ngati imelo yake inafika.